Katundu wabedwa koma a inshuwalansi akana kulipira: ndime za m'pangano zimene ambiri saziwerenga

Inshuwalansi ya katundu siteteza munthu ku umbava wamtundu uliwonse. Imateteza ku umbava okhawo umene wachitika m'njira imene pangano lafotokoza. Pangano lililonse la inshuwalansi limakhala ndi ndime zotchula zochitika zimene kampani sidzalipira ngakhale katundu atabedwadi, apolisi atatsimikiza, mwini wake atalipiranso ndalama zake zonse za chaka. Ndime zimenezi nthawi zambiri zimakhala m'masamba akumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono ndiponso m'Chingerezi cha maloya, motero anthu ambiri amazidziwa tsiku limene alandira kalata yowakanira chipukuta misozi.

Pa nkhani ya kuba, ndime zitatu ndizo zimagwetsa anthu kawirikawiri: ya chitseko chosakhoma, ya galimoto yosiyidwa popanda woiyang'anira, ndi ya katundu wamtengo wapatali wosiyidwa poonekera. Zonse zitatu zimachokera pa ganizo limodzi. Kampani imavomera kusenza chiopsezo cha wakuba amene wachita kulimbana ndi chotchinga, monga loko, zitsulo za pazenera kapena galasi la galimoto. Siivomera kusenza chiopsezo cha wakuba amene wapeza njira yotsegula kale. Ndalama imene munthu amalipira pachaka inawerengeredwa poganiza kuti zitseko zimakhomedwa ndipo makiyi amasungidwa. Wowerenga akagwira ganizo limeneli, ndime zambiri zooneka ngati zosokoneza zimayamba kumveka.

Chitseko chosakhoma

Mapangano ambiri oteteza katundu wa m'nyumba, wa m'sitolo kapena wa mu ofesi amanena kuti kampani idzalipira pokhapokha ngati wakuba analowa kapena kutuluka mwa kuthyola ndi mphamvu. Ena amaonjezera kuti kuthyolako kusiye zizindikiro zooneka ndi maso. Mawu amenewa ndi akale kwambiri, ndipo makhoti a ku England akhala akuwamasulira kwa zaka zoposa 100. Zigamulo za kumeneko zili ndi ntchito kwa owerenga a ku Malawi ndi ku Zambia chifukwa malamulo a inshuwalansi a maiko awiriwa anamangidwa pa malamulo a ku England, ndipo oweruza kuno amatha kuonako zigamulo zimenezo akamaweruza milandu yofanana nayo.

M'chaka cha 1899, khoti la apilo ku England linaweruza mlandu wa sitolo imene wakuba analowamo pongotembenuza chogwirira cha chitseko chimene chinali chosakhoma. Khotilo linagamula kuti kutembenuza chogwirira si kuthyola, choncho kampani sinali yokakamizidwa kulipira. Mfundo imeneyo ikugwirabe ntchito. Munthu akaiwala kukhoma chitseko cha kukhitchini usiku, wakuba n'kukankha, n'kunyamula wailesi yakanema, m'nyumbamo mwabedwadi, koma pangano lokhala ndi ndime imeneyi silidzalipira. Chimodzimodzinso zenera losiyidwa lotsegula chifukwa cha kutentha kwa mwezi wa Okutobala, wakuba n'kupisa dzanja kapena kukokera foni ndi waya wopinda. Palibe chimene chathyoledwa.

Mphamvu yofunikayo si yaikulu ayi. Loko wopotokoledwa ndi chitsulo, galasi losweka, chitsulo cha pazenera chopindidwa, lata lokanganulidwa padenga, khoma loboola, zonsezi n'zokwanira. Chimene kampani imafuna ndi umboni wakuti panali chotchinga ndipo wakuba anachigonjetsa.

Nkhani imavuta kwambiri pamene wakuba wagwiritsa ntchito kiyi weniweni. Khoti la apilo lomwelo linaweruzanso mlandu wa kampani ya Dino Services ndi kampani ya inshuwalansi ya Prudential. Akuba anatenga makiyi a malo a bizinesi m'galimoto ya mwini wake, usiku n'kukatsegula bwinobwino ngati eni malo, n'kukokolola katundu. Mwini bizinesiyo anali atakhoma zitseko zonse. Komabe khotilo linati kutsegula loko ndi kiyi wake, ngakhale kiyiyo ndi wakuba, si kulowa mwa chiwawa monga pangano linanenera. Mwini katundu analuza. Chigamulo chimenechi n'chowawa, ndipo makampani ena masiku ano amalemba mapangano ofewerako amene amavomereza kulowa ndi makiyi olandidwa moopseza kapena obedwa pothyola malo ena. Koma kufewa kumeneko kumayenera kupezeka m'mawu a panganolo. Sikuganiziridwa chabe. Kiyi wobisidwa pansi pa mphika wa maluwa kapena pamwamba pa felemu la chitseko, monga mabanja ambiri amachitira kuti ana obwera kusukulu alowe, ndiye alibe pothawira konse, chifukwa kampani imanena kuti mwini nyumba anachita kumusiyira wakubayo.

Pa ganizo lomwelo pamatuluka ndime ina yokhudza anthu amene ali m'nyumba movomerezeka. Wantchito wa pakhomo, mlonda, mlendo wogona, wachibale wosungidwa kapena munthu wochita lendi chipinda china sathyola kanthu kuti alowe. Mapangano ambiri salipira katundu wotengedwa ndi anthu oterewa, ndipo ena amatchula poyera kuti kuba kochitidwa ndi wa m'banjamo kapena wantchito, kapena kochitika mogwirizana nawo, sikutetezedwa. Eni mabizinesi amene akuda nkhawa ndi antchito awo amayenera kugula inshuwalansi ina yapadera yoteteza ku kusakhulupirika kwa antchito. M'matauni monga Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, kumene nyumba zambiri zokhala ndi katundu wofuna inshuwalansi zimakhalanso ndi antchito ndi alonda, ndime imeneyi imadula gawo lalikulu la chitetezo chimene mwini nyumba amaganiza kuti ali nacho.

Pali zina ziwiri zoyandikana ndi izi. Nyumba ikakhala yopanda anthu kwa masiku ambiri otsatizana, kawirikawiri 30 kapena 60 malinga ndi pangano, chitetezo cha kuba chimaima pokhapokha kampani itadziwitsidwa n'kuvomera. Izi zimakhudza kwambiri anthu ogwira ntchito ku South Africa kapena ku Britain amene anasiya nyumba yodzaza katundu kwawo. Chachiwiri ndi malonjezo a chitetezo. Ngati pofunsira inshuwalansi munthu analemba kuti nyumba ili ndi alamu, zitsulo m'mazenera onse kapena mlonda wa usiku, zimenezo zimasanduka mbali ya pangano. Alamu ikapezeka kuti inali yozimitsa, kapena inafa chifukwa batire linatha magetsi atazima, kampani ikhoza kukana kulipira ngakhale chitseko chathyoledwa ndithu.

Galimoto yopanda woiyang'anira

Choyamba kukumbukira n'chakuti inshuwalansi imene lamulo limakakamiza woyendetsa galimoto aliyense kukhala nayo, imene anthu amangoiti fedi pate, siteteza galimoto ya mwini wakeyo ku kuba. Imalipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Chitetezo cha kuba chimapezeka m'pangano lokulirapo, monga la kompurihensivu. Ndipo m'pangano limenelo muli ndime yonena kuti kampani sidzalipira ngati galimoto inasiyidwa yosakhoma, mazenera ali otsegula, injini ikulira, kapena makiyi ali m'katimo kapena pamwamba pake.

Funso limene limabweretsa mikangano ndi lakuti: kodi galimoto imakhala yosiyidwa pamene mwini wake wafika patali bwanji? Yankho limene makhoti ambiri amatsatira linaperekedwa mu 1962 ndi woweruza wotchuka wa ku England, Lord Denning, pa mlandu wa kampani ya Starfire Diamond Rings. Wamalonda wa kampaniyo ankayenda ndi mphete ndi zibangili zamtengo wapatali m'galimoto. Anaima m'mbali mwa msewu n'kupita kukadzithandiza pa mtunda wa mamita pafupifupi 34, ndipo pa kanthawi komweko wakuba anatenga sutikesi ya katunduyo. Lord Denning anafotokoza kuti galimoto imakhala ndi woiyang'anira ngati pali munthu amene akutha kuiona, amene angazindikire wina akayamba kuigwiragwira, ndiponso amene ali pamalo oti akhoza kumuletsa. Wamalondayo sanali pamalo otero, motero kampani ya inshuwalansi inapambana.

Tanthauzo limeneli silidalira mphindi kapena mamita. Limadalira zinthu ziwiri, kuona ndi kutha kuletsa. Woyendetsa amene watsika kukatsegula geti la pakhomo pake, galimoto ili pambuyo pake mamita atatu, ali ndi mfundo yolimba yonena kuti sanaisiye. Woyendetsa amene walowa m'golosale kukagula buledi, ngakhale kwa mphindi imodzi, khoma litatchinga pakati pa iye ndi galimoto, waisiya. Kuonera galimoto pazenera la nyumba yosanja kumakwaniritsa mbali yoyamba yokha, chifukwa pofika pansi wakuba amakhala atapita. Mwana wamng'ono amene wagona pampando wakumbuyo sangawerengedwe ngati woyang'anira. Anyamata olondera galimoto m'misika ndi kunja kwa masitolo nawonso ndi ovuta kuwadalira pa mkangano wotere, chifukwa amayang'anira galimoto zambiri nthawi imodzi ndipo kawirikawiri palibe umboni wakuti anapatsidwa ntchitoyo.

Mlandu wina wa mu 2001, wa Hayward ndi kampani ya Norwich Union, umaonetsa mmene ndime ya makiyi iliri yolimba. Mwini galimoto ya mtundu wa Porsche anathira mafuta, n'kupita kukalipira m'kanyumba ka pamalo omwetsera mafutawo, makiyi atawasiya poyatsira injini. Ankadalira kachipangizo koletsa injini kulira kamene kanali m'galimotomo. Wakuba analowa, n'kugonjetsa kachipangizoko, n'kuthawa nayo galimoto. Khoti loyamba linakomera mwini galimoto, koma khoti la apilo linatembenuza chigamulocho ndi kunena kuti makiyi anasiyidwa m'galimoto monga momwe ndime ya pangano inanenera. Kukhala ndi chitetezo china chapamwamba sikunafafanize mawu a ndimeyo.

Galimoto zamakono zoyatsa ndi batani zaonjezera vuto lina. Kalimoti kake kakhoza kutsala m'chikwama chimene chili pampando, mwini wake n'kutuluka osazindikira kuti galimoto ikhoza kuyatsidwa ndi aliyense. Kwa kampani ya inshuwalansi, kalimoti kameneko ndi kiyi. N'chifukwa chake galimoto ikabedwa, chinthu choyamba chimene wofufuza wa kampani amapempha ndi makiyi onse, wa tsiku ndi tsiku ndi wapadera. Kiyi mmodzi akasowa popanda kufotokoza komveka, pempho la chipukuta misozi limayamba kukayikiridwa.

Kulandidwa galimoto moopsezedwa ndi mfuti kapena chikwanje ndi nkhani yosiyana, ndipo mapangano a kompurihensivu nthawi zambiri amalipira, chifukwa mwini wake sanasiye makiyi mwa kufuna kwake. Koma kupereka makiyi kwa munthu wonamizira kuti akufuna kugula galimoto, iye n'kupita nayo kukaiyesa osabwereranso, kapena kuipereka atalandira uthenga wabodza wa kubanki wonena kuti ndalama zalowa, mapangano ambiri amakuika m'gulu la kuba mwachinyengo, limene amalikana poyera.

Katundu wosiyidwa poonekera

Ndime yachitatu imakhudza zinthu za m'manja monga laputopu, foni, kamera, chikwama ndi zodzikongoletsera zamtengo wapatali. Apa anthu ambiri amasokonezeka chifukwa mapangano atatu osiyana amakumana pa chochitika chimodzi. Pangano la galimoto limateteza galimotoyo ndi zida zake zomangiriridwa, ndipo katundu wa munthu wa m'katimo limamuteteza pang'ono chabe kapena osamuteteza n'komwe. Pangano la katundu wa m'nyumba limateteza zinthu zikakhala m'nyumba imene yatchulidwa. Zinthu zoyenda nazo zimafuna gawo lina lapadera, limene limateteza katundu kulikonse kumene mwini wake wapita naye, ndipo zinthu zodula zimayenera kulembedwa chimodzichimodzi ndi mtengo wake ndi nambala yake.

Ngakhale gawo lapaderalo limakhala ndi malire pa katundu wosiyidwa m'galimoto. Kawirikawiri limafuna zinthu zitatu pamodzi: galimoto ikhale yokhoma zitseko ndi mazenera onse, katunduyo abisidwe m'buti yokhoma kapena m'kabokosi kotseka ka kutsogolo, ndipo pakhale chizindikiro chakuti wakuba anathyola. Mapangano ena amaonjezera kuti usiku galimotoyo ikhale m'garaja kapena mumpanda wokhoma. Kufunditsa laputopu ndi jekete pampando, kapena kuikankhira pansi pa mpando, makampani ambiri sakuwerenga ngati kubisa, chifukwa pangano limatchula malo enieni obisiramo. Eni galimoto zopanda buti yotseka, monga mapikapu ndi zina zimene katundu wakumbuyo amaonekera pagalasi, amayenera kufunsa kampani kuti iwalembere chimene imavomereza pa galimoto yoteroyo. Ndalama zenizeni pafupifupi mapangano onse a anthu wamba sazilipira zikabedwa m'galimoto.

Chitsanzo chongoyerekezera chingathandize kuona mmene ndimezi zimagwirira ntchito pamodzi. Mayi wina wogwira ntchito yowerengera ndalama ku Blantyre ali ndi kompurihensivu pa galimoto yake. Alinso ndi pangano la katundu wa m'nyumba lokhala ndi gawo la zinthu zoyenda nazo, m'mene analembetsa laputopu ya K1,500,000. Loweruka masana aimika galimoto kunja kwa sitolo ku Limbe, akhoma ndi limoti, alowa kukagula zinthu kwa mphindi 20. Pobwera apeza galasi lakumbuyo laswedwa. Laputopu yapita, pamodzi ndi envelopu ya K200,000 ndi foni yachiwiri imene sanailembetse.

Ngati laputopuyo inali m'buti, ndipo wakuba anafikako pogwetsa mpando wakumbuyo atathyola galasi, zofunika zitatu zija zakwanira. Kampani idzayamba ndi kuona ngati pangano limalipira mtengo wa chinthu chatsopano kapena mtengo wa chinthu chogwiritsidwa kale ntchito. Tiyerekeze kuti ndi lachiwirili, ndipo kampani yachotsa 30 peresenti chifukwa laputopuyo yatha zaka ziwiri. Patsala K1,050,000. Kenako idzachotsa gawo limene mwini katundu amasenza yekha pa pempho lililonse, limene a inshuwalansi amalitcha ekisesi. Likakhala 10 peresenti, ndiye K105,000, ndipo mayiyo adzalandira K945,000. Galasi losweka lidzalipiridwa ndi pangano la galimoto, nalonso atachotsa ekisesi yake. Ndalama za mu envelopu sizidzabwezedwa. Foni yosalembetsa idzalipiridwa pokhapokha ngati pangano lili ndi kagawo ka zinthu zosatchulidwa maina, ndipo kagawo kameneko kamakhala ndi malire otsika pa chinthu chimodzi.

Ngati laputopu yomweyo inali pampando wakumbuyo m'chikwama chake, zonse zimasintha. Galimoto inali yokhoma, galasi laswedwa, lipoti la apolisi lilipo, koma chofunika chachiwiri chalephereka. Kampani idzalipira galasi lokha, laputopu ayi. Kusiyana kwa K945,000 ndi kusalandira kanthu kwagona pa malo amene chikwamacho chinaikidwa.

Njira yachitatu ndi yowawa kuposa zonse. Mayiyo apeza galimoto ili bwinobwino, palibe galasi losweka, koma m'buti mulibe kanthu. Ku South Africa umbava wotere ndi wodziwika kwambiri m'malo oimika galimoto a masitolo akuluakulu. Wakuba amaima chapafupi ndi kachipangizo kotsekereza mphamvu ya limoti, nthawi zina limoti wamba ya geti, n'kukadina pa nthawi yomwe mwini galimoto akudina yake. Mwini wake amachoka akuganiza kuti wakhoma pamene zitseko zili zotsegula. Pamaso pa kampani, galimotoyo inali yosakhoma ndipo palibe chothyoledwa. Makampani ena kumeneko amalipira ngati pali zithunzi za makamera a pamalopo zoonetsa mwini galimoto akudina limoti ndi wakuba akutsegula, ena amalipira ndalama yochepa, ena amakaniratu. Zithunzi za makamera sizisungidwa nthawi yaitali, choncho zimayenera kupemphedwa tsiku lomwelo. Njira yodalirika yodzitetezera ndi kuyesa chogwirira cha chitseko ndi dzanja munthu asanachoke.

Mmene kampani imadziwira, ndi zimene mwini katundu angachite

Kampani siikhulupirira mawu a mwini katundu okha. Imatuma wofufuza amene amaona malo, kujambula loko kapena zenera, kufunsa alonda ndi anansi, ndi kuyerekeza zimene munthu anauza apolisi ndi zimene analemba pa fomu ya kampani. Mapempho ambiri amagwa pa kusiyana kwa mawu awiriwa. Munthu ali ndi mantha ndi mkwiyo amauza wapolisi kuti chikwama chinali pampando, mawa lake n'kulemba pa fomu kuti chinali m'buti. Wofufuza amaonanso mbali imene magalasi osweka agwera, kaya m'kati kapena kunja, ndiponso ngati mpando wakumbuyo unagwetsedwadi. Kunama pofuna kuzemba ndime n'koopsa kuposa ndimeyo, chifukwa pempho lachinyengo limafafaniza chipukuta misozi chonse, ngakhale cha zinthu zimene zikanalipiridwa, ndipo likhoza kufikitsa munthu kukhoti.

Pa chifukwa chomwechi, kuthamangira kukonza chitseko chothyoledwa usiku womwewo kumatha kuononga umboni. N'zomveka kuti banja silingagone m'nyumba yosatseka, koma asanaitane mmisiri, eni nyumba amayenera kujambula malo onse othyoledwa ndi kusunga loko wakale ndi zidutswa zake. Mapangano amaikanso nthawi yodziwitsira apolisi, nthawi zambiri maola 24 kapena 48, ndi nthawi yodziwitsira kampani. Malisiti, nambala za zipangizo ndi zithunzi za katunduyo zimathandiza kutsimikiza kuti chinthucho chinalipodi ndipo chinali cha mtengo wotani.

Lamulo silili kumbali ya kampani yokha. Mwini katundu ali ndi udindo woonetsa kuti kuba kwa mtundu umene pangano limateteza kunachitika. Koma kampani ikafuna kubisala pa ndime yochotsera, udindo woonetsa kuti ndimeyo ikugwiradi ntchito pa nkhaniyo umakhala wa kampaniyo. Komanso mawu a pangano akakhala otheka kumveka pawiri, makhoti amatenga tanthauzo lokomera wogula, popeza amene analemba mawuwo ndi kampani.

Pali ndime inanso imene makampani amakonda kuigwiritsa ntchito pamene zina zonse zalephera, yonena kuti mwini katundu ayenera kusamalira katundu wake moyenera. Makhoti anaichepetsa mphamvu ndime imeneyi, ndipo anachita bwino, chifukwa munthu amagula inshuwalansi podziwa kuti tsiku lina akhoza kulakwitsa. Pa mlandu wa Sofi ndi kampani ya Prudential, bambo wina wa ku England amene ankapita ku France ndi banja lake anatenga zodzikongoletsera za mtengo wa mapaundi pafupifupi 42,000, poona kuti kuzisiya kunyumba kunali koopsa. Ali ku Dover, anazikhomera m'kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto, n'kukhoma galimotoyo, n'kupita kukaona nyumba yakale yachifumu ya kumeneko kwa mphindi pafupifupi 15. Akuba anathyola n'kutenga zonse. Kampani inakana kulipira ponena kuti sanasamale. Khoti la apilo linagamula kuti kulakwitsa wamba sikukwanira. Kampani imayenera kuonetsa kuti munthuyo anaona ngozi, koma mwadala sanachitepo kanthu kapena sanalabadire. Bamboyo anali ataganizira za ngoziyo n'kusankha malo amene anaona kuti ndi abwino, motero anapambana.

Kusiyana kwa mlandu umenewu ndi wa Hayward kumaphunzitsa mmene munthu angawerengere kalata yomukanira. Kampani ikakana potchula ndime yachindunji, monga ya makiyi osiyidwa m'galimoto kapena ya katundu wosaikidwa m'buti, ndipo zimenezo zinachitikadi, mwayi wopambana ndi wochepa. Ikakana pongonena kuti mwini katundu sanasamale, popanda ndime yachindunji, pali malo otsutsira. Choncho wokanidwa amayenera kupempha kuti kampani ilembe chifukwa chake ndi kutchula nambala ya ndime imene yadalira, kenako ayerekeze mawu a ndimeyo ndi zimene zinachitika. N'koyeneranso kufufuza ngati ndimeyo inaperekedwa kwa iye pogula inshuwalansiyo. Anthu ambiri amangolandira kapepala komata pagalasi ndi tsamba limodzi la chidule, buku lonse la pangano osaliona, ndipo wogula ali ndi ufulu wolipempha kwa kampani kapena kwa ejenti amene anamugulitsa.

Dandaulo limayambira ku kampani komweko, molemba kalata. Likapanda kuthetsedwa, ku Malawi limapita kwa Mlembi wa Mabungwe a Zachuma ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi ndi kulandira madandaulo a ogula. Ku Zambia ntchito yoyang'anira makampaniwa ili m'manja mwa Pensions and Insurance Authority. Ku South Africa kuli National Financial Ombud Scheme, ndipo ku Britain kuli Financial Ombudsman Service, mabungwe amene amamva madandaulo a anthu wamba kwaulere. Khoti limabwera pamapeto, ndipo mapangano ambiri amaika nthawi yochepa yokasumira kuchokera tsiku limene kalata yokana yalembedwa, motero tsiku limenelo liyenera kusungidwa bwino.

Ndime zimenezi zimathanso kukambidwa pangano lisanasainidwe. Mwini sitolo amene mlonda wake sabwera Lamlungu, banja limene limapita kumudzi miyezi iwiri nthawi yokolola, kapena wamalonda amene amayenda ndi katundu m'pikapu yopanda buti, akhoza kuuza kampani zimenezi poyambirira ndi kupempha kuti ndime yomukhudza isinthidwe. Nthawi zina kampani imavomera n'kukweza ndalama ya pachaka kapena ekisesi, nthawi zina imakana. Kusintha kulikonse kumene yavomera kumayenera kulembedwa pa chikalata choonjezera cha panganolo, chifukwa lonjezo la pakamwa la ejenti n'lovuta kulitsimikiza tsiku limene katundu wabedwa.